Mbuzi ya Khrisimasi

Chaka chimene ndinali mu giredi foro, atate anatilonjeza mbuzi. Ananena mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tili pakhonde la nyumba yathu ya lendi ku Nangongwe. Anati Khrisimasi ya chaka chimenecho sitidya nkhuku ya buroyila ngati zaka zonse. Anali atangolembedwa ntchito yokhazikika pa fakitale ina ya m'tauni mwathu, ndipo ku tchalitchi kwathu kwa Pentekosite anali atawasankha kukhala wolandira anthu pakhomo. Anati adzaitana abusa ndi akazi awo kuti adzadye kwathu tikatuluka m'mapemphero.

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadula masiku ndi pensulo pa kalendala ya kuseri kwa chitseko. Amayi anandigulira diresi yachikasu ya timaluwa m'khosi pa salaula, pamene amagulitsa zovala za kaunjika, n'kuitsekera mu sutukesi pamodzi ndi masokosi oyera. Akapita ku msika ndinkakoka sutukesiyo pansi pa bedi, kutsegula pang'ono, kugwira kolala ya diresiyo, n'kutsekanso. Anzanga onse a mumzere wathu wa nyumba ndinawauza za mbuzi. Ena ndinawalonjeza fupa.

Mbuziyo inafika pa 23 Disembala m'mawa. Anabwera nayo amalume, achimwene awo a amayi, amene ankalima chimanga ndi tomato ku Shimabala. Anaimanga pa kaliyala ya njinga, miyendo pamodzi, mutu ukulendewera. Inali tonde wakuda wa ndevu zachikasu, ndipo fungo lake linafika pakhomo iye asanafike. Ndinafunsa amalume chifukwa chake ndevu zinali zachikasu choncho.

"Imadzikodzera yeka," anatero amalume akumasula chingwe. "Ndiye pafyumu yake iyo."

Ndinabwerera m'mbuyo. M'maganizo mwanga miyezi iwiri yonseyo, mbuzi inali nyama yofiira ili m'mbale. Sindinaganizepo kuti imayamba ili chinthu chonunkha mkodzo, choyang'ana anthu ndi maso achikasu.

Amalume anati ayenera kuipha tsiku lomwelo chifukwa kumunda kunali kupalira ndipo sakanatha kubweranso mawa lake. Atate anali pa tchuthi, koma mbuzi anali asanaphepo chibadwire. Anangogwira miyendo. Amalume ananola mpeni pa simenti ya khonde, anakumba kadzenje pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, n'kugoneka mbuziyo khosi lili pamwamba pa beseni mmene amayi anathiramo mchere. Ine anandiuza kuti ndigwire beseni lisagwe. Mbuzi inalira ngati mwana wakhanda, kenako kulirako kunasanduka phokoso la madzi otuluka m'botolo. Magazi anandithothokera pamkono. Anali otentha, ndipo sindinayembekezere zimenezo.

Anaipachika pa nthambi, mutu pansi. Amalume anacheka chikopa mozungulira m'miyendo, n'kuyamba kusenda, pena ndi mpeni pena ndi chibakera, akukankha pakati pa chikopa ndi nyama. Ankasamala kuti ubweya usakhudze nyama, ati fungo la tonde limalowera pomwepo. Atang'amba pamimba, zam'kati zonse zinakhuthukira mu ndowa nthawi imodzi, zotuwa, zikutuluka nthunzi. Anatulutsa chiwindi, n'kundionetsa kathumba kobiriwira kamene kanamatirirapo.

"Iyi ni ndulu. Ikaphulika, nyama yonse yawawa. Uziona, mawa uzakapha yako."

Anakadula mosamala n'kukataya m'dzenje. Apa ntchentche zinali zitafika kale, zazikulu zobiriwira zija zochokera ku zimbudzi, zikutera pa nthiti, pa maso a mutu umene unali pansi, pa milomo yanga.

Ntchito ya matumbo inagwera ine ndi amayi. Tinanyamula ndowa kupita ku pompi ya pabwalo. Amayi anaboola chifu n'kukhuthula zam'kati. Munali udzu wogayika wobiriwira, wofunda, ndi kachidutswa ka pepala la pulasitiki limene mbuziyo inadya kaya liti. Fungo lake linandilowa mpaka kukhosi. Ndinathamangira ku mpanda n'kulavula.

"Bwera kuno iwe," anatero amayi. "Ufuna kudya chabe?"

Anandionetsa kachitidwe kake. Umagwira thumbo kumapeto, n'kumafinya ndi zala ziwiri kutsikira pansi kuti ndowe zituluke. Ukatero umalowetsa kamtengo kosalala, n'kulitembenuza kuti zam'kati zibwere kunja, kenako kutsuka, kutaya madzi, kutsukanso. Thumbo la mbuzi silitha. Umakoka, likubwerabe, loterera ngati mamina. Chifu tinachikwecha ndi mchere mpaka madzi anasiya kubiriwira. Amayi anachidula tizidutswa, n'kumakulunga thumbo pa kachidutswa kalikonse, kumangirira kumapeto. Pamene tinkamaliza, zikhadabo zanga zinali zobiriwira m'kati. Ndinasamba m'manja ndi sopo wochapira kanayi, fungo osachoka. Ndinauza amayi kuti zimenezo ine sindidzadya mpaka kufa.

"Palibe akukakamiza," anayankha. Anaika matumbo, chifu ndi mapapo mu poto wamkulu, anathira mchere, n'kuteleka pa mbaula nthawi yomweyo. Chiwindi tinakazinga masana omwewo n'kudya ndi amalume.

Mkangano unayamba pa nyama yeniyeniyo: miyendo inayi, nthiti ndi msana. Khrisimasi inali itatsala masiku awiri, ndipo ife firiji tinalibe. Eni nyumba yathu, mayi wamasiye amene tonse tinkangowatchula ba landiledi, ankakhala m'nyumba yaikulu ya kutsogolo, ndipo anali ndi firiza yaikulu yotsegula cha pamwamba. Ankasungamo nsomba za mumtsinje wa Kafue zimene ankagulitsa, ndi mafiriziti, timadzi totsekemera toumitsa m'timapepala togulitsa kwa ana a sukulu. Atate anali atapangana nawo kale kuti nyama yathu ikagona mmenemo. Koma tsiku limenelo magetsi anali atazima kuyambira m'bandakucha, monga ankachitira masiku ambiri chaka chimenecho. Ankayembekezeka kuyaka cha m'ma 2 koloko masana.

Amalume anaika dzanja pa mwendo wa mbuzi, pafupi ndi fupa.

"Mulamu, nyama iyi ikali yotentha. Isiyeni ilendewere pamphepo, mwana azipirikitsa ntchentche. Olo tiidule, tithire mchere, tiwambe pa mbaula. Ine theka la ola namaliza kudula."

Atate anaseka. "Abusa abwere kudzadya nyama yowamba monga tili kumunzi? Kuno ni ku tauni, mulamu. Kuli mafiriza."

"Firiza ilibe malaiti ni bokosi chabe."

"Malaiti abwera manje manje."

Amayi anati bwanji tiwambeko mwendo umodzi wokha. Atate anawayang'ana mmene ankayang'anira akafuna kuti nkhani ithe pamaso pa alendo, ndipo inatheradi. Analonga nyama yonse m'mapepala awiri akuda a pulasitiki, anamanga mfundo zolimba kuti magazi asadonthere nsomba za eni ake, n'kupita nayo. Ine ndinatsatira. Ba landiledi anatsegula firiza. Munali madzi pang'ono pansi, ndipo mafiriziti anali atayamba kufewa. Anakankhira nsomba mbali imodzi, atate anatsitsiramo mapepala aja, limodzi pamwamba pa linzake. Mayiwo anatseka ndi loko, kiyi n'kumangirira pa mfundo ya chitenje. Ankatero chifukwa cha adzukulu awo okonda mafiriziti.

Amalume anawawula mutu ndi ziboda pamoto, anapala ndi mpeni, n'kuzikulunga m'thumba pamodzi ndi chikopa. Limenelo linali gawo lawo. Anakwera njinga n'kumapita.

Magetsi anayakadi cha m'ma 2. Atate anaimirira pakhomo n'kuuza amayi mokweza kuti aimbire foni achimwene awo, awauze. Koma isanakwane 4 koloko kumwamba kunada cha kumapiri, kunabwera chimphepo, mvula n'kugwa yamatalala. Tinamva chinthu chikuphulika cha kumsewu, wailesi ya aneba n'kuduka pakati pa nyimbo. Mvula itakata, ana a mumzere anabwera akuthamanga kudzanena kuti mtengo waukulu wagwera pa mawaya, ndipo mapolo awiri ali pansi.

Pa 24 kunacha kotentha, kwachinyezi, kopanda mphepo. Matope a pabwalo ankanunkha. Amayi anadzuka n'kuwiritsanso poto wa matumbo uja mpaka anabwata bwinobwino, n'kumuphula osatsegula chivundikiro. Anati chakudya chophika chimasungika choncho, kuwiritsa m'mawa ndi madzulo, osapisamo supuni. Kenako anapita kwa ba landiledi, ine ndili pambuyo.

"Ba landiledi, tegulaniko tione nyama."

"Iyayi, amake mwana. Firiza ngati malaiti kulibe sitegula. Ukategula, kuzizira konse kwathawa. Nsomba zanga ziwonongeke?"

Titawauza, atate anagwirizana ndi ba landiledi. Anati anthu a magetsi awaona kumsewu ndi galimoto, madzulo akhala atamaliza. Zoti firiza yosatsegula imasunga kuzizira n'zoona, koma imasunga chimene chilimo. Ndinadzamvetsa nditakula kuti yathuyo inali itayamba kale kusungunuka, ndipo ife tinaikamo mbuzi yathunthu yofunda, yomangidwa m'pulasitiki mmene mpweya sulowa. Maola awiri amene magetsi anayaka anangoziziritsa kunja kwa mapepala. M'kati, pafupi ndi mafupa, kutentha kwa mbuzi kunatsala momwemo, ndipo chivundikiro chokhala ndi loko chinakusunga bwino lomwe.

Tsiku limenelo linali la ntchito, ndipo ndinaligwira mosangalala. Tinakolopa m'nyumba, kupaka polishi wofiira pakhonde, kusankha mpunga pa lichero kuchotsa timiyala. Amayi anandiluka tsitsi ndi ulusi mpaka khungu la pamphumi linakokeka. Masana tinapita ku tchalitchi kukayeserera komaliza, chifukwa ana a Sande sukulu tinali ndi vesi aliyense loti tidzanene pamtima kutsogolo. Ndinauzanso mphunzitsi wathu kuti abusa akudzadya kwathu mbuzi. Pobwera tinadutsa pamene panagwa mtengo. Anthu anali atadula nthambi n'kutenga nkhuni, koma mapolo anali chigonere m'matope.

Dzuwa litapendeka amayi anandituma kukabwereka nsimbi ya makala kwa ba landiledi, yositira diresi yanga ndi shati ya atate. Firiza inkakhala m'kachipinda ka pafupi ndi khitchini yawo. Ndikudikira pakhomo, ndinaona ntchentche zobiriwira zija zitadzaza pa windo la kachipindako, zina zikuyenda m'mphepete mwa chivundikiro, pamene pali mphira, ngati zikufuna polowera. Pansi pa firiza panali kamzere ka madzi ofiirira kolowera ku khoma. Ndipo panali fungo. Silinali lamphamvu. Linali lotsekemera pang'ono, ngati la khoswe wofera kudenga.

Ndinatenga nsimbi n'kubwerera kwathu. Amayi anafunsa ngati kuli bwino, ine ndinati kuli bwino. Ndinali ndi zaka khumi, ndipo ndinkadziwa chimene ntchentche zimatsatira. Koma ndinaganiza kuti ndikanena, Khrisimasi itha pomwepo, usiku wake usanafike. Ndinadziuza kuti ndi nsomba za eni ake, nyama yathu ili m'mapepala omanga bwino. Mpaka lero sindidziwa ngati madzulo amenewo mwendo umodzi ukanapulumuka. Amayi amati ayi, inali itapita kale. Mwina amangondimvera chisoni.

Anasita diresi n'kuipachika pa msomali pamwamba pa mphasa yanga. Anawiritsanso poto uja. Tinapemphera, atate akuthokoza Mulungu chifukwa cha ntchito ndi chifukwa cha chakudya chimene watikonzera mawa. Ndinagona ndikuyang'ana diresi, dzanja lili pansi pa tsaya, ndipo m'zala munkamvekabe chifu cha mbuzi. Ndinadzuka kangapo kuyang'ana ngati pa katani payera. Nthawi iliyonse ndinkamvetsera ngati firiza ya kutsogolo yayamba kulira, chifukwa magetsi akayaka inkamveka mpaka kwathu. Ndinkangomva achule ndi udzudzu.

Tambala wa aneba atalira kachiwiri sindinathenso kupirira. Ndinadzuka, ndinasamba madzi ozizira a m'ndowa, n'kuvala diresi ndi masokosi amayi asananene. Atatuluka n'kundiona anati ndivule, ndidzavale popita ku tchalitchi. Ndinachita ngati sindinamve. Iwo anali ndi zambiri m'mutu. Nyama inkafunika kukhala pamoto isanakwane 6 koloko kuti ifewe tisanapite ku mapemphero. Anakoleza mbaula ziwiri, anasenda anyezi, n'kuuza atate kuti akatenge nyama.

Tinapita atatu, ine nditanyamula beseni. Ba landiledi anatuluka akuyasamula, anatifunira Khrisimasi yabwino, n'kumasula kiyi. Fungo la m'kachipinda linali litakula. Anatsegula loko n'kukweza chivundikiro.

Sindidziwa mmene ndingalifotokozere. Linali ngati chinthu chimene chakugwira kumaso ndi manja onyowa. Ba landiledi anabwerera m'mbuyo n'kudziphimba ndi chitenje. Amayi anangoti, "Yesu." M'firizamo munali madzi ofiirira ofika m'chigongono, nsomba zikuyandama mimba zitatupa, maso oyera, mafiriziti a mitundumitundu akuyandama pakati pake. Mapepala athu akuda anali atafufuma ngati mpira.

Atate anapisa manja n'kutulutsa pepala loyamba. Polikweza kuti aliike m'beseni langa, linang'ambika pansi. Madzi amene anatuluka anali akuda, olenda, ndipo anandithira kuyambira pachifuwa mpaka m'masokosi. Anali ofunda. Ndinaponya beseni n'kutuluka panja, n'kusanza pa maluwa a ba landiledi. M'mimba munalibe kanthu, koma ndinapitirizabe kudzikoka mpaka misozi.

Anatulutsira nyama pabwalo, pa thumba la saka. Kunja inali yotuwa, yoterera, ndipo ukaikhudza pankatsala dzenje la chala. Amayi anatenga mpeni n'kucheka mwendo wakumbuyo mpaka pafupa. M'katimo munali mobiriwira, muli timathovu. Anacheka wina, chimodzimodzi. Ntchentche zinabwera ngati zaitanidwa pa foni.

Atate anagwada pamenepo nthawi yaitali, akutembenuza nthiti uku ndi uku.

"Iyi mbali ili bwino," anatero. "Tichotse chabe pobiriwira. Titsuke na vinega, tiike ufa wa kale wambiri na adyo. Ikabwata maola atatu, vonse vifa."

"Vifa vichani?" anatero amayi.

"Majemusi."

"Atake mwana, mufuna abusa akagone ku chipatala pa Khrisimasi? Na mwana uyu?"

"Nanga niwauze chani? Nawauza kalekale kuti kuli mbuzi. Tchalitchi yonse iziba."

Ananditumadi kuti ndikatenge botolo la vinega m'nyumba. Ndinabwera nalo ndikulira, diresi itamatirira pamimba. Anathira pa nthiti, anatsuka pa pompi, anathiranso, n'kununkhiza. Ndinaona kukhosi kwawo kukugwedezeka. Anayesa kumwetulira, n'kupatsira amayi kuti anunkhize nawonso. Amayi sanasunthe. Ndinawayang'ana atate anga, munthu amene Lamlungu lililonse ankaimirira pakhomo la tchalitchi atavala tayi, akugwira anthu chanza, ali chogwada m'matope kutsuka nyama yowola kuti adyetse alendo, ndipo nseru imene ndinamva inali ina, yosiyana ndi ya fungo lija.

Ba landiledi anali akulira nsomba zawo, akuti nyama yathu ndiyo yatenthetsa firiza. Amayi anawakumbutsa amene anakana kutsegula dzulo lake. Analankhulana mawu angapo olemera. Kenako mayiwo anatsitsa mawu n'kuyandikira atate.

"Ngati simuifuna, nipatseni. Kuli munyamata wocha nyama ya michopo pa bala paja. Lelo bantu bazakolewa na mowa kuyambira m'mawa. Na mpilipili, palibe azaziba."

Atate anayang'ana nyamayo. Ndinaona kuti akuganiza. Mwina ankangofuna kuti chinthucho chichoke pamaso pawo, sindidziwa. Amayi sanadikire. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi botolo la parafini wa nyale, n'kukhuthulira yense pa nyamayo, pa miyendo, pa nthiti zotsukidwa ndi vinega zija, paliponse.

"Manje gulitsani," anatero.

Ba landiledi anaomba m'manja kamodzi n'kulowa m'nyumba mwawo. Kwa mwezi wathunthu sanatipatse moni.

Atate anabwereka khasu n'kukakumba dzenje kuseri kwa chimbudzi. Dothi linali lofewa ndi mvula, koma anakumba mpaka m'chiuno chifukwa cha agalu. Anakokera saka lija m'menemo, anakwirira, n'kuikapo njerwa. Ana a mumzere, amene ndinawalonjeza mafupa aja, anaimirira pa mpanda atatsina mphuno. Mmodzi anandifunsa ngati imeneyo ndiyo mbuzi ija.

Amayi anandivula diresi pabwalo pomwepo n'kuiviika m'madzi a sopo. Anandisambitsa okha ngati khanda, kundikwecha ndi mwala mpaka khungu linawawa, n'kundipaka mafuta ambiri. Ku tchalitchi ndinavala diresi yanga yakale ya buluu, yothina m'khwapa. Vesi langa ndinanena bwino, osalakwitsa, koma nthawi yonse ndinkaona ngati mtsikana woimirira pafupi nane akumva fungo. Kwaya inkaimba, anthu akuvina m'mipata ya mabenchi, thukuta ndi pafyumu zitasakanikirana pansi pa malata otentha, ine ndikumeza mate kuti ndisasanzenso. Atate anaimirira pakhomo monga mwa masiku onse. M'mphepete mwa zikhadabo zawo munali dothi.

Abusa anabweradi ndi akazi awo cha m'ma 1 koloko. Amayi anali atatsala kunyumba. Anatenga poto wa matumbo uja, anawiritsanso, anakazinga anyezi ndi tomato, n'kuphatikiza. Anaphika mpunga ndi nshima, ndi chibwabwa, masamba a maungu a m'munda wa kuseri. Mphepo ikaomba kuchokera kwa ba landiledi, amene ankatsuka firiza yawo n'kumataya madzi mu ngalande, fungo linkalowa pa windo. Akazi a abusa anatulutsa kampango n'kumachita ngati akupukuta thukuta pamphuno.

Atate anayamba kufotokoza za mawaya ndi mtengo, mawu akuzungulira. Amayi anawadula mwaulemu.

"Abusa, nyama inaola. Tataya. Vatsala ni ivi."

Abusa anati iwo anakulira ku mudzi, ndipo pa mbuzi yonse amakonda zam'kati. Kaya ankanena zoona kaya ankangotipepuza, koma anadya mbale ziwiri, akumasula matumbo pa chifu ndi zala n'kumayamwa msuzi. Ine ndinakhala pa mphasa pakona ndi mbale ya mpunga. Amayi anandiikira kachidutswa kamodzi pambali. Ndinakayang'ana. Ndinkadziwa mfundo imeneyo, mwina ndinafinya ndine thumbo limenelo. Njala inali itandigwira kuyambira m'mawa, ndipo msuzi unkanunkhira anyezi. Ndinakaika m'kamwa, ndinatafuna kawiri, n'kukumbukira kachidutswa ka pulasitiki kaja kali m'udzu wobiriwira. Ndinatuluka mwakachetechete n'kukalavulira kuseri. Ndinadya mpunga ndi chibwabwa.

Magetsi anayaka pa 26 madzulo. Mumzere wonse ana anakuwa monga tinkachitira nthawi zonse, koma ine sindinakuwe nawo. Diresi yachikasu amayi anaichapa katatu n'kuiyanika padzuwa masiku awiri. Banga la pachifuwa linatsala lotuwa, ndipo nsaluyo ikangonyowa ndi thukuta fungo linkadzuka. Ndinaivalanso kamodzi kokha, kenako inasanduka chokolopera.

Amalume anabwera mu Januwale ndi thumba la chimanga chachiwisi. Nkhani anali ataimva kale kwa amayi pa foni. Anakhala pakhonde ndi atate, akukamba za mvula ndi za mbozi zimene zinagwa m'chimanga chaka chimenecho. Ndinkayembekezera kuti anena za nyama, ndipo ndikuganiza kuti atate ankayembekezeranso, chifukwa ankangoyang'ana pansi. Sananene. Pochoka atate anawaperekeza mpaka kumsewu waukulu akuwakankhira njinga, chinthu chimene anali asanachitepo.